Mwana wa mlongo wanga atasowa: uthenga umene tinatumiza ndi foni imene tinapereka

Mwana wa mlongo wanga anali ndi zaka 6 pamene anasowa. Linali Loweruka masana, ndipo anapezeka Lamulungu m'mawa ali bwinobwino. Ndanena zimenezi poyambirira kuti muwerenge mtima uli m'malo. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi uthenga umene tinatumiza kwa anthu: zimene tinalembamo, zimene tinasiya dala, ndi zimene zinachitika pa nambala ya foni imene tinapereka. Dzina la mwanayo, malo ndi manambala ndazichotsa.

Ankasewera panja ndi anzake. Mayi ake anamuona komaliza cha m'ma 3 koloko. Pofika 5 koloko anzake onse anali atabwerera kwawo, iye osaoneka. Mlongo wanga anandiimbira nangoti, "Achimwene, bwerani, mwana sakuoneka."

Tisanagwire n'komwe foni yolembera anthu, tinayamba ndi pafupi. Tinagawana: ena ku zitsime, ku ngalande, ku maenje a zimbudzi ndi kulikonse kumene kuli madzi, chifukwa kumeneko n'kumene mphindi zochepa zimapha. Ena analowa m'nyumba momwemo, kunsi kwa bedi, kuseri kwa zitseko, m'galimoto zoimikidwa ndi m'nyumba zosatha kumanga. Mwana wamng'ono amatha kubisala n'kugona pomwepo, ndipo akamva akuluakulu akukuwa dzina lake mwaukali amangoti phee, poganiza kuti akatuluka akwapulidwa. Anzake aja tinawafunsa mmodzimmodzi, titakhala pansi, mawu ali otsika. Mukawafunsa onse pamodzi, woyamba akanena chinthu enawo amangovomera. Mtsikana wina wamng'ono ndiye anati anamuona akutsatira anyamata okulirapo amene ankapita ku bwalo la mpira. Anyamatawo anavomera kuti anali nawo, koma mpira utatha sanamuonenso.

Panali ena amene ankati tidikire kuche, ati apolisi salandira nkhani ya munthu wosowa pasanathe maola 24. Mawu amenewa amayenda kwambiri, koma pa mwana palibe chodikira. Alamu anga anapita madzulo omwewo ndipo analembetsa. Mafunso amene wapolisi anawafunsa ndi amene anadzakhala msana wa uthenga wathu: zaka, kutalika, zovala, zipsera, matenda, amene anamuona komaliza, nthawi yake ndi malo ake. M'maiko ambiri a mu Africa mulinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ndipo munthu mmodzi akhoza kuiimba pamene ena akusaka.

Pamene tinkachita zimenezi, msuweni wathu wina anali atatumiza kale uthenga wake m'magulupu a WhatsApp. Anachita ndi mtima wabwino. Unali wotere: "Mwana wathu wasowa, chonde tithandizeni, tumizirani ena." Anaikapo chithunzi cha mwanayo ali ndi zaka 4, atavala suti pa tsiku la chikondwerero, tsitsi lometedwa bwino. Munalibe tsiku, munalibe malo, munalibe nambala. Anthu anayankha ambiri, koma mayankho ake anali mapemphero ndi mafunso: "Kuti kumeneko?" "Wasowa liti?" "Wamwamuna kapena wamkazi?" Uthengawo utatuluka m'gulupu yathu kupita kwa anthu ena, panalibenso woyankha mafunsowo.

Ife achibale tikamva dzina la mwana timamuona kale m'maganizo, n'chifukwa chake timalemba mopereweza. Koma amene angamupeze ndi munthu amene sanamuonepo, wokhala kutali ndi kwanu, amene awerenge uthengawo kamodzi kokha ali mkati mwa zochita zake. Ndinakhala pansi ndi mlongo wanga, ine ndikulemba iye akuyankha, ndipo pa mzere uliwonse ndinkadzifunsa ngati mlendo angamuzindikire nawo mwanayo pakati pa ana ena khumi. Tinalemba motere:

"MWANA WASOWA. Loweruka pa (tsiku, mwezi ndi chaka). Dzina lake ndi (dzina), koma amayankha mukamuitana (dzina la pakhomo). Ndi wamwamuna, wa zaka 6, wochepa thupi, wakuda, wotalika pafupifupi masentimita 115, kutanthauza kuti amalekeza chakumtunda kwa chiuno cha munthu wamkulu. Ali ndi chipsera chodutsa pa nsidze yakumanzere, ndipo mano awiri akutsogolo akumwamba anachoka. Anavala juzi yofiira, mkati muli malaya oyera, kabudula wabuluu ndi nsapato zapulasitiki zakuda. Anaoneka komaliza ku bwalo la mpira la (malo) cha m'ma 4 koloko madzulo. Amachita chibwibwi ndipo akaopa sayankha. Mukamuona musamuthamangitse: muitaneni dzina la pakhomo, khalani naye pomwepo, imbani (nambala yoyamba) kapena (nambala yachiwiri), kapena pitani naye kupolisi yapafupi. Nkhaniyi tainena kale kupolisi ya (malo). Amene wamusunga, tikuthokozani, palibe mlandu."

Tsiku tinalilemba lonse, ndi chaka chomwe. Mawu oti "lero" kapena "dzulo" amakhala oona kwa maola ochepa okha, pamene uthenga umayendabe kwa miyezi. Dzina la malo nalonso tinalilemba mokwanira, chifukwa "ku bwalo la mpira" kulipo kulikonse.

Pa zovala mlongo wanga ankangokumbukira juzi yofiira, ndipo ankati ingokwanira. Ndinamukakamiza kuti akumbukire zamkati ndi zakumapazi. Mwana akatentha amavula juzi n'kuitaya kapena kuimanga m'chiuno, ndipo munthu amene wamutola akhoza kumusintha malaya. Nsapato kawirikawiri zimakhala zomwezo. Ngati simukukumbukira, tsegulani mmene mumasunga zovala zake muone chimene palibe. Ife kabudula wabuluu uja tinamudziwa motero. Koma choposa zovala zonse ndi chimene chili pathupi: chipsera, mano ochoka, kadontho kobadwa nako, kayendedwe, kalankhulidwe. Mawu ngati "wokongola", "wofatsa" kapena "wanzeru" ndi oona kwa mayi ake, koma sathandiza munthu wapamsewu.

Kutalika tinakulemba pawiri, m'masentimita ndiponso poyerekeza ndi thupi la munthu wamkulu, chifukwa si onse amene angaone masentimita 115 m'mutu. Za chibwibwi tinakambirana kaye. Alamu anga sankafuna kuti dziko lonse lidziwe. Ine ndinaona kuti munthu akafunsa mwana dzina, mwanayo n'kungomuyang'ana, akhoza kuganiza kuti si yemweyo n'kumusiya. Tinalemba. Chimodzimodzi mwana amene amadwala khunyu, mphumu kapena shuga, kapena amene samva: lembani mwachidule, ndipo nenani ngati pali mankhwala amene ayenera kumwa pa nthawi yake. Zina zonse za kuchipatala zisiyeni.

Chithunzi tinasankha chaposachedwa, ngakhale chinali chosakongola. Anali atakhala pakhonde, nkhope yonse ikuoneka, akuseka moti mpata wa mano uja unkaonekera. Ana ena amene anali pambali pake tinawadula. Kenako mawu ofunika kwambiri, ndiwo tsiku, malo ndi manambala, tinawalemba pachithunzi penipenipo. Anthu ambiri amasunga chithunzi m'foni n'kuchitumiza chokha, kapena kuchiika pa Status, ndipo mawu a m'munsi amatsalira. Tinajambulanso uthenga wamawu waufupi wonena zomwezo, wa anthu amene kuwerenga kumawavuta kapena amene manja awo ali pa ntchito.

Pali zinthu zitatu zimene tinasiya dala, ndipo ndikuona kuti zinali zofunika ngati zimene tinalemba.

Choyamba, mawu oti "wabedwa". Ena pakhomopo ankafuna tilembe choncho kuti anthu achite changu. Koma panalibe amene anaona mwanayo akutengedwa. Mukalemba kuti wabedwa, aliyense amene apezeke naye wasanduka wakuba, ngakhale atakhala munthu amene wamutola mwachifundo. Ku India m'chaka cha 2017 ndi 2018 anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu chifukwa cha mauthenga abodza a pa WhatsApp onena za oba ana. Zimenezi n'zimene zinachititsa kuti mu 2018 kampaniyo iike malire kumeneko oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulupu 5 okha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2019 malirewo anafika pa dziko lonse. Kuyambira mu 2020, uthenga umene wayenda kwambiri n'kukhala ndi chizindikiro cha "Forwarded many times" umatumizika kumalo amodzi okha pa nthawi imodzi. Choncho musadabwe uthenga wanu ukayamba kuchedwa kufala. Ife tinapempha anthu odziwika m'magulupu osiyanasiyana, a kusukulu, a kutchalitchi, a oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi a ogulitsa malonda, kuti aliyense autumize yekha kwa anthu ake. Gulupu imodzi ya anthu oyenda m'misewu yozungulira kwanu imaposa anthu mazana a kumzinda wina. Pa chifukwa chomwecho sitinatchule munthu aliyense womuganizira. Ngati mukukayikira wina, kanong'onezeni wapolisi.

Chachiwiri, mphotho. Sitinalonjeze ndalama. Ndalama zimaitana onama, ndipo zikhoza kuchititsa amene ali ndi mwana kuyamba kuwerengera.

Chachitatu, chizindikiro chimodzi chobisika. Lamba wa nsapato yake yakumanja anali ataduka ndipo bambo ake anamumanga ndi kawaya kobiriwira. Apolisi tinawauza, koma mu uthenga sitinalembemo. Chimenechi chinali choyesera aliyense woimba n'kumati ali naye mwana.

Tsopano za foni. Nambala ya mlongo wanga sitinaipereke. Mayi amene mwana wake wasowa amakhulupirira chilichonse chimene wauzidwa, ndipo foni iliyonse yopanda pake imamudula mtima kachiwiri. Komanso foni yake inayenera kukhala yosatanganidwa, chifukwa nambala imene mwanayo ankaidziwa pang'ono pamtima inali yomweyo. Tinapereka yanga ndi ya mnansi wathu wina, bambo wodekha amene sathamangira kulankhula. Manambalawo anali a makampani awiri osiyana kuti netiweki ina ikavuta ina igwire. Tinawawerenga mokweza, wina akuimba kuti tione ngati ikulowa, tisanatumize. Nambala imodzi yokha ikalakwika, uthenga wonse wapita pachabe. Adiresi ya nyumba sitinalembe.

Ndinakhala pakhomo pafupi ndi potchajira, kope ndi cholembera zili pamwendo. Wogwira foni asapite kokasaka. Aliyense woimba ndinkamufunsa zofanana: dzina lanu ndani, muli kuti, mwamuona nokha kapena mwamva kwa ena, inali nthawi yanji, analowera kuti, anali ndi ndani, anavala chiyani. Funso lomalizali musamuthandize kuyankha. Mukafunsa kuti "Anavala juzi yofiira?" aliyense amati eya. Mukafunsa kuti "Anavala chiyani?" mumamva chimene munthuyo waonadi. Ambiri ankaimba kufunsa ngati wapezeka, ndipo ndinkawathokoza n'kudula msanga. Ena anaona ana ena a juzi zofiira. Koma anthu awiri osadziwana anatchula msewu umodzi, wochokera ku bwalo lija kulowera mbali yosiyana ndi kwathu, ndipo nthawi zawo zinkatsatana. Popanda kope sindikanaona kuti zikugwirizana. Ndinauza apolisi ndi gulu limene linali ndi matochi kuti alowere kumeneko.

Usiku kunabwera foni ina. Mwamuna wolankhula mwaulemu kwambiri anati, "Bambo, mwana wanu ndili naye kuno, koma ndili kutali. Nditumizireni ya mayendedwe pa foni ndibwere naye pompano." Mtima unagunda, sindinama. Ndinati, "Zikomo kwambiri, bambo. Mupatseni foni ndimve mawu ake." Anati wagona. Ndinati, "Chabwino, musamudzutse. Tangoyang'anani nsapato zakezo mundiuze mmene zilili." Anati ndi zakuda, zapulasitiki, monga mmene uthenga unanenera. Ndinafunsa ngati pali china chimene akuona pa nsapatozo. Anayamba kukwiya, ati ndikumutenga ngati wakuba pamene iye akuthandiza. Ndinamuuza kuti anene pamene ali, ife tibwera ndi apolisi ndipo mayendedwe ake tikamubwezera pamaso. Foni inaduka. Nambala yake ndinailemba m'kope n'kuipereka kupolisi. Munthu amene alidi ndi mwana savutika kukuuzani malo, kukupatsani mwanayo pa foni kapena kutumiza chithunzi. Amene amayamba ndi ndalama, n'kumakufulumizitsani, n'kumati musauze apolisi, ameneyo wangowerenga uthenga wanu. Mlongo wanga sindinamuuze za foni imeneyi mpaka mwana atapezeka.

Foni yeniyeni inabwera kutangocha. Anali mnyamata, akuimba m'malo mwa mayi ake. Anati dzulo madzulo, kukuda, mayi ake anapeza kamwana kakulira m'mbali mwa msewu, kosanena dzina ngakhale kwawo. Anafunsa nyumba zapafupi, palibe anakadziwa, ndiye anakatenga kukagona nako kuti kukacha apite nako kupolisi. Mnyamatayo anaona chithunzi chathu m'gulupu ya anzake m'mamawa. Poyamba anakayika, chifukwa mwana amene anali kwawo analibe juzi yofiira, anali ndi malaya oyera okha. Juziyo anaivula ku mpira ndipo sinapezekenso. Chimene chinamuimbitsa foni ndi chipsera cha pa nsidze ndi mano aja. Ndinamufunsa za nsapato. Ndinamva akuyenda, chitseko chikulira, kenako anati, "Yakumanjayi lamba wake ndi womanga ndi waya wobiriwira." Ndinamupempha aitane mwanayo ndi dzina la pakhomo n'kumuika foni kukhutu. Anangoti, "A-a-amalume."

Tinapita ndi wapolisi mmodzi ndi alamu anga, osati gulu lonse limene linali pakhomo, ngakhale ambiri ankafuna kutsatira. Mayi aja tinawapeza akunjenjemera. Anatiuza mosabisa kuti akanaona mawu oti mwana wabedwa, sakanalola mwana wawo kuimba foni. Akanamusiya pafupi ndi polisi n'kuchoka mwakachetechete. Mzere womaliza uja, woti amene wamusunga palibe mlandu, mnyamata wawo anawawerengera kawiri. Kwa inu amene mungadzatole mwana wosochera, njira yabwino ndi kudziwitsa apolisi nthawi yomweyo, ngakhale pa foni, ndi kuuza anansi anu kuti pakhale mboni. Mukatero mwadziteteza, ndipo makolo ake sagona panja usiku wonse.

Mwanayo tinapita naye kuchipatala kuti akamuone, ngakhale ankaoneka bwino. Anali ndi matuza kumapazi basi. Sitinamukalipire, ndipo sitinalole kuti aliyense wobwera kudzazonda azimufunsa nkhaniyo. Anafotokoza yekha patapita masiku: mpira utatha anthu anabalalika mbali zonse, iye anatsatira gulu limene ankaliyesa la anzake.

Ntchito yotsala inali kutseka uthenga uja, ndipo imeneyi ndi yovuta kuposa kuutumiza. Choyamba tinauza apolisi kuti atseke nkhaniyo. Kenako tinatenga chithunzi chomwe chija, tinaphimba nkhope ndi manambala, n'kulemba modutsa ndi zilembo zazikulu kuti WAPEZEKA, tsiku lake, ndi mawu oti chonde fufutani uthenga woyamba. Tinachitumiza m'magulupu onse amene ndinawalemba m'kope, kudzera mwa anthu omwe aja. Pa Facebook zinali zosavuta, chifukwa tinali titalemba uthenga umodzi wokha wooneka kwa aliyense, enawo n'kumangogawa womwewo. Nditausintha ndi Edit post, unasintha kwa onse amene anaugawa, ndipo patapita masiku angapo ndinauchotseratu kuti nkhope ya mwanayo isakhalitse pa intaneti. Pa WhatsApp sizitheka. Delete for everyone imachotsa uthenga pokhapo pamene inu munautumiza, ndiponso kwa nthawi yochepa. Umene ena anatumiza kwina umapitirira ulendo wake.

Uthenga wathu, wokhala ndi tsiku ndi chaka, unazilala msanga, chifukwa woulandira ankaona yekha kuti ndi wakale. Wa msuweni uja, wopanda tsiku, unabweranso m'gulupu ya kuntchito kwanga miyezi ingapo pambuyo pake, wina atawonjezerapo dzina la mzinda wina ndi nambala imene palibe aliyense wa ife ankaidziwa. Ndinaiimba. Woyankha anati ndi bambo ake a mwanayo ndipo akupempha thandizo la ndalama zosakira. Nayonso ndinakaipereka kupolisi, ndipo m'gulupumo ndinaikamo chithunzi cha WAPEZEKA chija.